Chigamba cha pulogalamu: momwe foni imalandirira zosintha zokha



Ndiyamba ndi manambala atatu, ndipo nkhani yonse ya lero ikhala yofotokoza kusiyana kwawo. Mu 2009 akatswiri a Google anasindikiza chitsanzo cha apudeti imodzi ya Chrome, pulogalamu yawo yotsegulira masamba a pa intaneti. Kuti munthu achoke pa veshoni yakale n'kufika pa yatsopano, fayilo yonse yathunthu inali ya mabayiti 10,385,920, kapena tingoti mamegabayiti khumi. Atatumiza zosintha zokha pogwiritsa ntchito chida chotchedwa bsdiff, zinakwana mabayiti 704,512. Atagwiritsa ntchito chida chawo chatsopano, Courgette, zinatsika kufika pa mabayiti 78,848. Apudeti yake ndi imodzimodzi, ndipo pamapeto kompyuta imakhala ndi pulogalamu yofanana ndendende. Koma pa netiweki yothamanga megabiti imodzi pa sekondi, njira yoyamba imatenga mphindi imodzi ndi masekondi ngati 23, yachiwiri masekondi osakwana asanu ndi limodzi, yachitatu sekondi imodzi sikwana.

Njira yotumiza zosintha zokhayi amaitcha apudeti ya delita, ndipo kafayilo kamene kamanyamula zosinthazo ndizikatcha chigamba. Ganizo lake ndi losavuta: foni yanu ili kale ndi pafupifupi pulogalamu yonse, choncho palibe chifukwa choitumiziranso zimene ili nazo. Chovuta chili pena. Wolemba pulogalamu akasintha mizere iwiri yokha, fayilo imene imafika pa foni imaoneka ngati yasintha paliponse. Luso lonse la ntchitoyi ndi kupeza malo amene kusinthako kukuonekabe kochepa, n'kuyerekezera mafayilo awiriwo pamenepo.

Tiyambe ndi chimene chili mkati mwa chigamba. Si chidutswa cha pulogalamu yatsopano chongodula ayi, ndi malangizo omangira fayilo yatsopano kuchokera pa yakale. Tiyerekeze kuti fayilo yakale ili ndi mawu akuti "Msonkhano uli Lachiwiri ku holo." ndipo yatsopano ikuti "Msonkhano wa makolo uli Lachiwiri ku holo." Tikawerenga zilembo pamodzi ndi mipata ndi mpumiro, yakale ili ndi 32, yatsopano 42. Chigamba chake chikhoza kukhala chotere:

```
COPY 0, 10
ADD "wa makolo "
COPY 10, 22
```

Mzere woyamba ukuti tenga zilembo khumi kuyambira pachiyambi pa fayilo yakale. Wachiwiri ukuti onjezera mawu awa, amene mu fayilo yakale mulibe. Wachitatu ukuti bwerera ku fayilo yakale, uyambire pamene unalekezera, utenge zilembo 22 zotsalazo. Pa chiganizo chachifupi chonchi phindu silioneka, chifukwa malangizowo ndi aatali ngati chiganizocho. Koma lamulo la `COPY` limatenga mabayiti ochepa omwewo kaya likukopera zilembo khumi kaya miliyoni, ndipo kupulumutsa deta konse kumachokera pamenepo. Malamulo a mtundu umenewu analembedwa mu 2002 ngati muyezo wotchedwa VCDIFF, umene chida cha xdelta3 chimatsatira.

Taonani chinthu chimodzi m'chitsanzochi, chifukwa chitisautsa mpaka kumapeto. Mukanati muyerekezere mafayilo awiriwa chilembo choyamba ndi choyamba, chachiwiri ndi chachiwiri, mukanapeza kuti kuyambira pa chilembo cha 11 pafupifupi zonse zasiyana. Sikuti mawuwo asintha, angosendera kutsogolo. Choncho chida chopanga chigamba chiyenera kufufuza mu fayilo yakale yonse kuti chidutswa chilichonse cha yatsopano chinali pati. Kufufuzako ndi ntchito yolemetsa, koma imachitika kamodzi, pa seva ya mwini pulogalamu, imene ili ndi mafayilo onse awiri. Foni imangotsatira malangizo.

Pa zolemba wamba nkhani ikanathera pomwepa. Pa pulogalamu sizitero, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa bwino.

Zimene munthu amalemba si zimene pulosesa imawerenga. Pali chida chotchedwa kompaila chimene chimasandutsa zolembazo kukhala malamulo a makina, ondondozana bayiti ndi bayiti, lililonse pa adiresi yake. Malamulowa amalozerana: ili likuti pita ukachite ntchito ili pa malo akuti, ilo likuti katenge nambala ili pa adiresi yakuti. Mu pulogalamu yaikulu malozero otere ndi ambirimbiri. Ganizirani buku lokhala ndi masamba ochuluka limene pafupifupi ndime iliyonse imati "onani tsamba 212" kapena "onani tsamba 340". Wolemba akaonjezera tsamba limodzi pakati pa bukulo, nkhani ya m'masamba enawo siisintha, koma lozero lililonse lopita kuseri kwa tsamba latsopanolo liyenera kukwera ndi imodzi. Tsamba limodzi lalowa, manambala asintha m'buku lonse.

Tione mabayiti enieni. Pa mapulosesa a mtundu wa x86, amene ali m'makompyuta ambiri a m'maofesi, lamulo loitana ntchito ina limayamba ndi bayiti `E8`, kenako mabayiti anayi onena mtunda wokafika kumene ntchitoyo ili. Tiyerekeze kuti wolemba watseka bowo la chitetezo poonjezera malamulo a mabayiti 16 penapake pakati pa woitana ndi woitanidwa. Mtunda wakula ndi 16, nambala imene m'kalembedwe ka mabayiti imalembedwa `10`:

```
yakale:     E8 20 0F 00 00
yatsopano:  E8 30 0F 00 00
kusiyana:   00 10 00 00 00
```

Pa mabayiti asanu, limodzi lokha ndi limene lasintha. Koma zimenezi zachitika pa lamulo lililonse lolumpha malo amene aonjezeredwa aja. Chida chodalira `COPY` ndi `ADD` chimafuna zidutswa zofanana ndendende, ndiye apa chimangopeza tizidutswa tatifupitifupi: kopera mabayiti makumi awiri, onjezera limodzi, kopera khumi ndi awiri, onjezera limodzi. Malangizo amachuluka mpaka chigamba chimatupa.

Amene anathana ndi vutoli mwanzeru ndi Colin Percival, pamene anali wophunzira ku yunivesite ya Oxford. Mu 2003 anatulutsa bsdiff pofuna kutumiza zokonza za chitetezo kwa ogwiritsa ntchito FreeBSD. Iye anasiya kufunafuna zidutswa zofanana ndendende. Chida chake chikapeza malo amene mafayilo awiri akufanana, chimatambasula malowo kutsogolo ndi kumbuyo malinga ngati theka la mabayiti kapena kuposa likufananabe. Kenako sichisankha kuti ili ndikopere, ili ndilembe. Chimachotsera bayiti yakale pa yatsopano, imodzi ndi imodzi, monga mu mzere wachitatu wa chitsanzo chija. Zotsatira zake ndi mndandanda wautali wa maziro, mwa apo ndi apo mukutuluka nambala imodzimodziyo, `10`, mobwerezabwereza.

Pano wina angafunse kuti phindu lili pati, popeza mndandanda wa kusiyanawo ndi wautali ngati fayilo yomwe. Funsolo ndi loona. Chigamba cha bsdiff chisanapanikizidwe chimakhala chachikulu ngati fayilo yatsopano, mwinanso kuposerapo pang'ono. Koma zida zopanikiza mafayilo zimakonda kwambiri zinthu zobwerezabwereza, ndipo palibe chobwerezabwereza kuposa maziro masauzande ondondozana. Chigambacho chili ndi zigawo zitatu: malangizo onena potenga ndi kutalika kwake, mndandanda wa kusiyana uja, ndi mabayiti atsopano enieni amene analibe mnzake mu fayilo yakale. Chigawo chilichonse chimapanikizidwa pachokha ndi bzip2. Apo ndi pamene mamegabayiti khumi a Chrome anatsikira pa makilobayiti mazana asanu ndi awiri.

Amene muli ndi Linux mukhoza kuyesa nokha. Lamulo loyamba limapanga chigamba, lachiwiri limamanga fayilo yatsopano kuchokera pa yakale:

```
bsdiff yakale yatsopano chigamba
bspatch yakale yomangidwa chigamba
sha256sum yatsopano yomangidwa
```

Lamulo lachitatu limawerengera fayilo iliyonse nambala yaitali yokhala ngati chidindo chake. Manambala awiriwo akafanana, ndiye kuti fayilo yomangidwayo ndi yomweyo, popanda ngakhale bayiti imodzi yolakwika. Tibwereranso ku chidindochi. Dziwaninso kuti bsdiff ndi yadyera pa memore: popanga chigamba imafuna malo ochuluka mpaka maulendo 17 kuposa kukula kwa fayilo yakale, chifukwa imayamba yasanja malo onse a mu fayiloyo kuti kufufuza kufulumire. Fayilo ya mamegabayiti 100 ingafune magigabayiti 1.7. Mbali yomanga ndi yopepuka, imangofuna malo okwana mafayilo awiriwo.

Tsono Courgette inachita chiyani kuti ichepetsenso chigambacho pafupifupi maulendo asanu ndi anayi? bsdiff siidziwa kuti `E8` ndi lamulo loitana. Imangoona mabayiti, ndipo ngakhale kusiyana kwa malozero kumapanikizika bwino, kumatengabe malo. Akatswiri a Chrome anaganiza zochotseratu malozerowo asanayerekezere. Courgette imayamba yaphwasula fayilo yakale, kupeza adiresi iliyonse n'kuikapo dzina, titi chizindikiro 1, chizindikiro 2, ndipo maadiresi enieniwo imawasunga pa mndandanda wapadera. Imachitanso chimodzimodzi ndi fayilo yatsopano. Kenako pali sitepe yofunika kwambiri: imasintha mayina a zizindikiro za mu fayilo yatsopano kuti chinthu chimene chinali chizindikiro 57 kale chikhalenso 57 tsopano. Zikatero, lamulo lija limangoti "itana chizindikiro 57" mbali zonse ziwiri, ndipo kusiyana kwatha. Chasintha ndi adiresi ya chizindikirocho pa mndandanda, imene imalembedwa kamodzi kokha m'malo molembedwa pa lamulo lililonse loitana.

Mafayilo ophwasulidwa awiriwa ndi amene amaperekedwa kwa bsdiff. Kompyuta yanu ikalandira chigamba imaphwasula fayilo yake yakale m'njira yomweyo, n'kuika chigamba, n'kulumikizanso zonse kukhala pulogalamu. Sitepe yofananitsa mayina ija, imene ndi yolemetsa, imatsalira pa seva. Malire ake ndi oonekeratu: Courgette iyenera kudziwa chilankhulo cha pulosesa ndi kapangidwe ka fayiloyo, choncho siingathandize pa fayilo ya mtundu umene sinaphunzitsidwe, pamene bsdiff imalandira chilichonse. Chrome pambuyo pake inapanga chida china, Zucchini, choyenda pa ganizo lomwelo.

Tsopano tibwere pa foni ya Android, imene ambiri a ife tili nayo m'thumba, chifukwa kumeneko kuli chopinga chachiwiri ndipo ndi choipa kuposa choyamba.

Apu ya Android imabwera mu fayilo ya APK, imene kwenikweni ndi fayilo ya ZIP: thumba limodzi lokhala ndi mafayilo ambiri, malamulo a pulogalamu, zithunzi, mawu a pa sikirini, ambiri mwa iwo atapanikizidwa ndi njira yotchedwa Deflate. Deflate imachita zinthu ziwiri. Ikaona mabayiti amene inawaona kale posachedwa, siwalembanso, imangoti bwerera m'mbuyo mtunda wakuti ukopere angapo. Kenako imapatsa chizindikiro chilichonse nambala yaifupi kapena yaitali malinga ndi kuchuluka kwa maulendo amene chaoneka, ndipo manambalawa samalekezera m'malire a bayiti, amangolumikizana biti ndi biti. Mukasintha chilembo chimodzi chapafupi ndi pachiyambi, mitunda ija imasintha, manambala ena amasintha kutalika, ndipo mabiti onse otsatira amasendera. Kusendera kwa biti imodzi kokha ndi kokwanira kuti bayiti iliyonse yotsatira ioneke yachilendo. Pa malozero a pulogalamu bayiti imodzi pa zingapo ndi imene inkasintha. Apa kufanana kumasoweratu.

Chimene chimapulumutsa pang'ono n'chakuti ZIP imapanikiza fayilo iliyonse ya mkati payokha. Chithunzi chimene sichinakhudzidwe chimakhalabe chimodzimodzi, ndipo bsdiff imachipeza n'kuchikopera. Koma fayilo yaikulu ya malamulo, `classes.dex`, imasintha pafupifupi pa apudeti iliyonse, ndipo ikasintha pang'ono imatumizidwa ngati yatsopano yonse. Google Play inayamba kutumiza zosintha zokha mu 2012, ndipo mu 2016 inalengeza kuti ndi bsdiff maapudeti ankachepa ndi 47 pa 100 iliyonse tikatenga pakati. Ndi phindu ndithu, koma mukayerekezera ndi za Chrome zija mukuona kuti kupanikiza kunkabisa kufanana kwambiri.

Mu Disembala chaka chomwecho analengeza njira ina, yoika chigamba fayilo ndi fayilo. Seva imamasula mafayilo a mkati amene asintha, mu APK yakale ndi yatsopano yomwe, n'kupanga chigamba pakati pa zomasulidwazo, pamene kusintha kukuonekabe kochepa. Foni imamasula mafayilo ake akale, imaika chigamba, kenako imapanikizanso. Ganizo lake ndi la Courgette lomwe lija: bweza m'mbuyo chimene chinamwaza kusinthako, yerekezera, kenako chichitenso. Manambala amene anapereka ndi awa. Apu ya Netflix inali ya mamegabayiti 16.2, chigamba cha bsdiff chinali 7.7, cha njira yatsopano 1.2. Google Maps inali 32.7, n'kutsika pa 17.5, kenako 9.6. Koma Gmail, ya mamegabayiti 17.8, inangochoka pa 7.6 kufika pa 7.3. Nambala yomalizayi ndimaikonda chifukwa imaonetsa malire: ngati olemba asinthadi zinthu zambiri, palibe nzeru imene ingapeze mu fayilo yakale zimene mulibemo. Ponseponse anati maapudeti anachepa ndi 65 pa 100, ndipo ankayembekezera kupulumutsa mapetabayiti 6 a deta tsiku lililonse.

Sitepe yopanikizanso ija ili ndi msampha, ndipo ndikufuna tiimepo pang'ono. APK imakhala yosainidwa ndi mwini wake, ndipo fayilo imene foni yamanga iyenera kufanana ndi ya pa seva bayiti ndi bayiti. Koma Deflate siipereka yankho limodzi. Fayilo imodzi ingapanikizidwe m'njira zambiri zosiyana, zonse zolondola, malinga ndi chida chimene chagwiritsidwa ntchito ndi mlingo umene chauzidwa. Foni ingadziwe bwanji momwe wolemba apu anapanikizira pa kompyuta yake? Chimene chinathandiza n'chakuti pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito chida chimodzi, zlib, cha Jean-loup Gailly ndi Mark Adler, ndipo ambiri amasiya pa mlingo wake wachizolowezi, 6, kapena amasankha wapamwamba, 9. Choncho seva imayesa milingo ingapo pa fayilo iliyonse mpaka itapeza umene ukutulutsa mabayiti omwewo, n'kulemba mlingowo m'chigamba kuti foni itsatire. Ikalephera kuupeza, fayilo imeneyo imaisiya yopanikizidwa momwemo, ndipo phindu pa iyo limatayika. Kunena zoona, njirayi inatheka chifukwa cha mwayi wakuti dziko lonse linazolowera chida chimodzi, osati chifukwa ZIP inapangidwa moganizira zimenezi.

Ndiye mtengo wake ndi wotani? Deta imene simunadawunilode imalipiridwa ndi pulosesa ya foni. A Google ananena kuti pa mafoni a mu 2015 kupanikizanso kunkatenga sekondi imodzi ndi pang'ono pa megabayiti iliyonse, ndipo pa mafoni akale kapena otsika mtengo kunkatenga nthawi yoposerapo. Mwachidule anati chigamba chikachepa ndi theka, nthawi yochiika imawirikiza kawiri. N'chifukwa chake poyamba njirayi anaigwiritsa ntchito pa maapudeti ochitika okha munthu asakudikira, kawirikawiri usiku foni ili pa tchaja.

Tiwerengere ndi Netflix ija kuti tione amene amapinduladi. Munthu wa intaneti yothamanga mamegabiti 50 pa sekondi amalandira mamegabayiti 16.2 onse m'masekondi osakwana atatu. Kwa iye chigamba chimachedwetsa zinthu, chifukwa foni ikhala masekondi khumi ndi angapo ikumanga fayilo. Munthu amene netiweki yake ikupereka megabiti imodzi pa sekondi angadikire mphindi ziwiri ndi masekondi khumi kuti alandire fayilo yonse, pamene chigamba chimafika m'masekondi khumi. Ngakhale muonjezere theka la mphindi lomangira, wapindulabe. Ndipo ngati akugula bandulo yowerengedwa mamegabayiti, monga timachitira ambiri kuno kwathu, wasunga mamegabayiti 15 pa apu imodzi yokha. Choncho mawu akuti delita imapulumutsa nthawi ndi oona pokhapokha netiweki ikhale yochedwa kuposa pulosesa. Pa deta imapulumutsa pafupifupi nthawi zonse. Chosautsa n'chakuti amene ali ndi netiweki yofooka nthawi zambiri ndi yemweyonso ali ndi foni yofooka, ndipo ndi iye amene amaona apu itaima nthawi yaitali pa mawu akuti `Installing` dawunilodi itatha kalekale. Foni yakeyo siinafe. Ikumanga fayilo, ndipo panthawiyo ikufunanso malo osungira yakale, chigamba ndi yatsopano pamodzi, n'chifukwa chake apudeti ya mamegabayiti awiri ikhoza kukana kuti malo ndi osakwanira.

Tsopano za zimene zimalakwika. Chigamba chimapangidwira fayilo yakale imodzi yeniyeni. Lamulo loti tenga mabayiti akuti pa malo akuti silifunsa kuti pamalopo pali chiyani. `bspatch` payokha siyang'ana ngati mwaipatsa fayilo yoyenera. Mukaipatsa ina, ikhoza kutulutsa zinyalala popanda kudandaula. N'chifukwa chake dongosolo lililonse labwino la maapudeti limayang'ana chidindo kawiri: cha fayilo yakale lisanayambe, ndi cha yomangidwa likamaliza. Choyamba chikalephera limasiya chigamba n'kukatenga fayilo yathunthu. Chachiwiri chikalephera limataya zomangidwazo, ndipo deta ya chigamba ija yapita pachabe. Amene anasinthapo mafayilo a mkati mwa Android pa foni yawo, kuti apeze mphamvu zonse pa foniyo, amazidziwa izi: apudeti yaing'ono ya foni yonse imakana, chifukwa kuyambira pa Android 5.0 chigamba chimaikidwa pa zigawo za malo osungira momwe zilili, ndipo chigawo chimodzi chikasiyana ndi chimene wopanga foni anayembekezera, ntchito imaima.

Pali ngozi inanso: magetsi kuzima kapena batire kutha chigamba chili mkati moikidwa. Pa apu wamba vutoli ndi lochepa, popeza yatsopano imamangidwa pambali ndipo yakale imachotsedwa pomaliza. Pa foni yonse kale zinali zoopsa, chifukwa chigamba chinkalembedwa pamwamba pa zimene chikuwerenga. Kuyambira pa Android 7.0, mu 2016, mafoni ena ali ndi malo awiri, A ndi B. Foni ikuyenda pa A, chigamba chimawerenga A n'kulemba pa B, ndipo imasamukira ku B pokhapokha chidindo chitatsimikizika. B ikakana kuyaka, imabwerera ku A.

Vuto lomaliza lili ku mbali ya seva. Anthu sali pa veshoni imodzi. Wina anapanga apudeti sabata yatha, wina chaka chatha. Ngati pali maveshoni akale makumi awiri, pafunika zigamba makumi awiri pa apudeti iliyonse yatsopano, kuchulukitsanso ndi mitundu ya mapulosesa. Ambiri amangopanga zigamba za maveshoni ochepa aposachedwa, otsalawo amalandira fayilo yathunthu. Apa pali phunziro kwa amene amazimitsa maapudeti miyezi yambiri posunga bandulo: tsiku limene adzakakamizike, chigamba cha veshoni yawo chikhoza kusapezeka, kapena chidzakhala chachikulu chifukwa zosintha zaunjikana. Komabe sindinganene kuti amaluza nthawi zonse, chifukwa zigamba khumi zazing'ono zikaphatikizidwa zikhoza kuposa fayilo imodzi yathunthu. Pa apu imene mumaitsegula kamodzi pa miyezi itatu, kudikira kuli ndi nzeru yake; pa bulawuza kapena apu ya ndalama, mabowo a chitetezo ndi okwera mtengo kuposa deta.

Microsoft inazungulira vuto la maveshoni ambiri lija mwanjira ina kuyambira pa Windows 10 ya veshoni 1809. Pa Windows 10 apudeti iliyonse imabwera ndi zigamba ziwiri: chochoka pa veshoni ya maziko kupita pa yatsopano, ndi chobwerera ku maziko, chimene kompyuta imachisunga. Apudeti yotsatira ikafika, kompyuta imayamba yabwerera ku maziko ndi chigamba chimene inasunga, kenako n'kupita kutsogolo ndi chatsopanocho. Phukusi limodzi limakwanira aliyense, kaya anatsalira pati.

Ena anaona kuti ntchito yonseyi siikulipira. Fedora, mtundu wina wa Linux, inatumiza zigamba za mapulogalamu ake kwa zaka zoposa khumi, kenako inazisiya pa Fedora 40 mu 2024. Zigamba zinkapezeka pa mapulogalamu ochepa okha mwa amene munthu akufuna, deta yopulumutsidwa inali yochepa, ndipo kumanganso mafayilo kunkadya nthawi. Chida chawo cha `dnf` chinkanena chokha pamapeto pa apudeti: zikayenda chinkalemba mzere woyamba ndi mawu akuti `Delta RPMs reduced`, n'kutchula mamegabayiti opulumutsidwa, koma zigamba zikakanika chinkalemba `Failed Delta RPMs increased`, kutanthauza kuti munthu wadawuniloda zochuluka kuposa akanangotenga mafayilo athunthu. Kwa amene ali ndi intaneti yothamanga chiganizo chimenecho chinali cholondola. Kwa amene amalipira megabayiti iliyonse, yankho likanadalira kuti pa kompyuta yake mzere uti mwa iwiriyi unkatuluka kawirikawiri.

Kwa inu amene mukuphunzira kulemba mapulogalamu, kukula kwa chigamba kumadaliranso inu. Mukapanikiza mafayilo anu onse kukhala mtolo umodzi ndi chida chimene seva siingachibwereze, kapena mukawabisa ndi kiyi musanawaike mu APK, kusintha kulikonse kumaoneka ngati fayilo yatsopano. Chida chanu chomangira chikamasanja mafayilo mosiyanasiyana pa ulendo uliwonse, kapena chikamapatsa ntchito za mkati mayina afupiafupi osinthasintha, chigamba chimanyamula kusiyana kumene inu simunalembe. Kuyesa kwake n'kwapafupi: mangani pulogalamu yanu kawiri popanda kusintha kanthu, muyendetse `bsdiff` pa mafayilo awiriwo, muone kukula kwa chigamba. Chiyenera kukhala cha mabayiti mazana ochepa chabe. Chikatuluka cha makilobayiti ambiri, fufuzani mu chida chomangiracho, kuyambira pa madeti amene chimadinda m'mafayilo ndi dongosolo limene chimawasanjira.